Khola Lopanda Mbuzi la a Paison

Alamu anga a Paison anabadwa yankho lili kale m'kamwa. Ine ndimakhulupirira kuti tsiku lobadwa sanalire ngati ana a anthu, anachita kuwafotokozera azamba chifukwa chomwe anachedwera. Bambo awo anachokera ku Mutarara, iwo anakulira ku Nchalo, anadula nzimbe mpaka msana unakana, kenako anawapatsa ukapitawo, ntchito yowayenera ndithu chifukwa imagwiridwa ndi pakamwa. Atakwatira mkulu wanga Veronika anadzakhala kwathu kwa Lundu ngati mkamwini, ndipo pasanapite nthawi mkamwini uja ndiye anali nkhoswa ya theka la mudzi. Banja likagwedezeka, itanani a Paison. Ng'ombe ikadya mapira a eni ake, itanani a Paison. Munthu ameneyu ukamuuza kuti waphonya batani la malaya, amakuuza mbiri ya malayawo, ya telala amene anawasoka, ndi chifukwa chake wolakwa ndiwe amene ukuyang'anitsitsa anthu. Telalayo kawirikawiri ndinali ine, choncho ndikudziwa chomwe ndikunena.

Amene ankawatseka pakamwa anali mmodzi yekha. Mkulu wangayo ankaweta mbuzi, ndipo dzuwa likapendeka ankangoti, "Abambo a Alick, khola." A Paison ankayamba kufotokoza kuti amati anyamuke kale, kuti fisi sabwera kukali kowala, kuti chingwe chomangira chitseko chimakwana kumanga kamodzi. Koma ankafotokoza akuyenda, ndipo ankamanga kawiri. Banja lawo lonse linayenda choncho mpaka ana anakula n'kupita ku Blantyre.

Veronika anagwera kudimba m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lathu lija likuwotcha ngati latumidwa. Akuchipatala anati ndi BP. Pamaliro mwini mkazi salankhula, amalankhuliridwa, ndiye nkhoswa ya mudzi wonse inakhala pamphasa ikumva ena akuiyankhulira, ena mwa iwo achibwibwi. Pa kusudzula, mchimwene wathu Jeremiya, mwini mbumba, anagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Mbuzi zinali za Veronika, choncho zinabwerera ku mbumba, ndipo ziwiri zinadza kwa ine. Ana anapempha kuti bambo awo asabwerere kwawo, akhalebe m'nyumbamo. Anatsala ndi nyumba, njinga, ndi khola lopanda kanthu. Abale anga, anthu achikondi ngati minga ya mthethe, anayamba kunong'ona kuti mkamwini uja maso ake anali ouma pamaliro, mwina analira mbuzi zokha.

Ana atamanga chiliza, anati tsiku lochivumbula bambo awo adzanenepo mawu. Umenewo unali mwayi wokhawo woti munthuyu alankhule kwa mkazi wake pamaso pa akuchikazi, ndipo chomwe akanadzanena ndicho abale anga akanamukumbukira nacho mpaka kumanda kwake. A Paison anagamula kuti ikhala ndakatulo. Anali atamva kuti Loweruka lililonse ndimatseka mashini anga kumsika wa paboma n'kupita kugulu la alakatuli, ndiye anati anditsatira. Musaganize kuti amapita kukaphunzira. Amapita kukaomberedwa m'manja kuti adziwiretu kukoma kwake.

Gulu lathu limakumana m'kalasi ya kuseri kwa tchalitchi, pansi pa malata, masana, nthawi yomwe ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Wotsogolera ndi Pempho, mtsikana wogwira ntchito kuchipatala, wofatsa ngati sadziwa kanthu, koma malamulo ake sapindika. Mwini ndakatulo amagawa mapepala kuti aliyense akhale ndi lake. Wina amaiwerenga mokweza, kuti mwini amve momwe ikutulukira m'kamwa mwa munthu wosaidziwa, kenako mwiniyo amawerenganso. Akatero amakhala chete, cholembera m'manja. Ife timayamba kunena mizere yomwe yatsalira m'mutu, ndi chomwe tamva kuti ndakatuloyo ikunena. Tikatha pamenepo timaloza pomwe tasochera kapena pomwe maganizo athu anathawira kumsika, kenako timafunsa mafunso, osati oti ayankhidwe pompo, oti mwini apite nawo kunyumba. Timanena za ndakatulo, osati za munthu. Suloledwa kumulembera mnzako mzere pokhapokha akupemphe. Kumapeto mwini amaloledwa kufunsa chomwe sanamvetse ndi kuthokoza, basi.

Pempho atafika pa lamulo lokhala chete, a Paison anaseka poganiza kuti ndi nthabwala yolandirira alendo. Ataona kuti palibe wina akuseka, anafunsa ngati ku khoti kwenikweniko munthu amaweruzidwa osadziteteza. Pempho anati pano palibe woimbidwa mlandu, ndipo anawonjezera kuti, "Tsiku lovumbula chiliza simudzayendera khutu lililonse kulifotokozera zomwe mumatanthauza, bambo. Ndakatulo idzakhala yokha. Lero tikufuna tione ngati imatha kuyenda yokha."

Woyamba kuwerenga anali Limbikani, mnyamata wa kwaya amene chilichonse kwa iye ndi chokoma. Inayamba motere:

Veronika, duwa la m'chigwa cha Shire,
nyenyezi yowala m'banja la Paison,
mzati wa mpingo, nangula wa mudzi,
imfa, iwe imfa, ulibe chisoni.

Inapitirira choncho masamba awiri. Mkulu wanga anasanduka mwezi, kasupe, mkango waukazi ndi mvula ya chizimalupsa. Mayi amene ankaopa bwato moti ankazungulira pa mlatho wa Kamuzu ngakhale ulendo utalike, lero anali nangula. Ine ndinkangoyang'ana kudenga kuwerenga mabowo a malata. Ndiye pakati pa chimulu chonsecho, ngati munthu waiwala kuti pali alendo, panatuluka ndime iyi:

Dzuwa likapendeka ndimatseka khola.
Mulibe mbuzi, zonse zinapita,
koma ndimamanga chingwe kawiri
monga munkanenera.

Kenako nyenyezi zinayambiranso. Koma mtima wanga unali utatsalira pa chingwe paja. Sindinkadziwa kuti amatsekabe khola.

A Paison atawerenga okha, ndi mawu aja a pabwalo, anakhala pansi n'kupinda manja kudikira kuomberedwa m'manja. Pempho anafunsa chomwe chatsalira m'mitu yathu. Anthu atatu ananena za chingwe chomangidwa kawiri. Priska, namwino mnzake wa Pempho, anati wamva mwamuna amene akumverabe mkazi wake mkaziyo atapita kale. Limbikani anati zonse zili bwino kwambiri. Pempho anamufunsa kuti bwino pati, aloze ndi chala, chifukwa mawu oti zonse zili bwino munthu sangakonzere nawo kanthu. Mnyamatayo anafufuza pepala lonse thukuta lili kamukamu, mpaka anagwira nyenyezi n'kunena kuti imamveka bwino poiwerenga.

Titafika pa zosochera anadzuka a Humphrey, mphunzitsi wopuma wa ku Nsanje, amene sayenda opanda cholembera chofiira. Pepala la alamu anga linali litafiira kale ngati pophera mbuzi. Anayamba n'kuti iwo akanalemba chonchi, ndipo anali atakonzeka kuwerenga ndime yawoyawo. Pempho anawauza kuti imeneyo ndi ndakatulo yawo, adzabwere nayo sabata yamawa, lero anene chomwe chawachitikira powerenga iyi. A Humphrey anang'ung'udza mu Chisena, natseka cholembera, kenako ananena chinthu chomwe palibe wina anayerekeza kunena. Anati atafika pa mzere woti zonse zinapita, anasiya kumva mwamuna wolira mkazi, anamva mkamwini wodandaula katundu, ndipo pamanda pakakhala akuchikazi ena adzamva chimodzimodzi.

Ine mwini mbuzi ziwiri ndinayang'ana pansi. A Paison anakweza dzanja. Pempho anapukusa mutu. Anakwezanso, tsopano ndi thako lomwe litadzuka pabenchi. Pempho analoza cholembera chawo. Abale anga, ndinaonapo anthu akuchotsedwa dzino popanda jekeseni, koma sindinaonepo munthu akuvutika ngati nkhoswa ija ikumeza yankho. Milomo inkayenda yokha. Analemba mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

Itafika nthawi yanga, ndinali ndi mawu omwe ndinasunga kuyambira tsiku la ukwati wawo. Ndinkafuna kuwafunsa kuti duwa limeneli analiona liti, popeza mwini wake ali moyo sanamugulireko ngakhale mafuta odzola kumapazi. Pempho amandidziwa, anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinabweza lilime m'thumba. Ndinati mayi wa m'ndime zamaluwazo sindikumuona nkhope, mutachotsa dzina mukhoza kukaziwerenga pamanda a mkazi aliyense kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka. Koma mayi wa pa khola ndi mmodzi yekha padziko. Ndiye ndinafunsa funso langa, lakuti ndakatuloyi ikulankhula ndi ndani, chifukwa ndime zambiri zikuoneka ngati zikuyang'ana alendo okhala pamipando, ndipo imodzi yokha ndiyo yatembenukira kumanda.

Pempho atati tsopano mwini akhoza kufunsa, a Paison anaimirira, nakonza kolala, nati, "Poyamba." Aliyense wa kwathu amadziwa kuti poyamba wa a Paison amakhala ndi kachiwiri, kachitatu, mpaka nkhuku zitalowa. Pempho anawafunsa mwaulemu ngati limenelo ndi funso. Anakhala pansi n'kunena kuti takhuta, kuthokoza kwa Chisena kuja, koma kotuluka ngati munga wa mlamba pakhosi. Mu minibasi yobwerera anandifotokozera zonse zomwe analetsedwa, ndipo kondakitala nayenso anamvako gawo lake.

Loweruka lotsatira anabwera akumwetulira, atanyamula mapepala atsopano. Munthuyu anali atatenga ndemanga zathu ngati mlandu wa malire a munda, woti aliyense achoke ndi kachigawo kuti pasakhale wodandaula. A Humphrey anapunthwa pa mbuzi, ndiye khola lonse analigwetsa, ndi chingwe chomwe. Limbikani anakonda nyenyezi, ndiye anamuwonjezera zina ziwiri. Priska anali atanena kuti maganizo ake anathawa pa tsamba lachiwiri, ndiye tsambalo analidula pakati ngati nzimbe, osayang'ana kuti mfundo ili pati. Ine ndinati sindikuona nkhope ya mkulu wanga, ndiye anandiikira mzere woti duwa la mphuno yaifupi ndi ming'alu kumapazi. Nkhoswa inagwira ntchito yake, mbali zonse zinakhutitsidwa.

Itawerengedwa kawiri, Pempho anafunsa chomwe chatsalira m'mitu. M'kalasi munangoti zii, kumangomveka malata akulira ndi dzuwa. Ngakhale Limbikani anasowa choyamikira, zomwe sizinachitikepo chiyambire gulu. Ine ndinakwiya kwambiri. Chinthu chimodzi chokha choona chomwe bamboyu ananenapo za mkulu wanga anachitaya kuti asangalatse mphunzitsi wa ku Nsanje.

Amene anayamba kulankhula anali a Humphrey omwewo. Anati iwo sananene kuti khola lichoke. Ananena pomwe anapunthwa, ndipo anapunthwa chifukwa pamenepo ndi pomwe anali kuyenda ndi mtima wonse, pa maluwa paja munthu sangapunthwe poti amakhala ali mtulo. Priska anati ndakatulo ya sabata yatha inali ndi munthu mmodzi wamoyo m'kati mwa khamu, ya lero ndi khamu lokhalokha.

Nthawi yawo yofunsa itakwana, a Paison sanakonze kolala. Anati, "Nanga mukufuna chiyani anthu inu? Ndikati ndiyankhe, mukuti khalani chete. Ndamvera aliyense, mukuti ndapha. Ndilowere kuti?"

Limenelo linali funso ndithu, ndipo Pempho analiyankha. Anati ife ntchito yathu ndi kuwauza zomwe makutu athu amva. Anthu angapo akapunthwa malo amodzi, ndiye kuti pali chitsa, zimenezo akhulupirire. Koma kuchizula, kuchilambalala, kapena kuchisiya dala kuti anthu azipunthwapo, amasankha ndi mwini munda. Ndemanga ina amaitenga, ina amaithokoza n'kuisiya pabenchi pompo. Anawakumbutsanso kuti pa zonse zomwe zinanenedwa, chimodzi chokha ndicho sanachikhudze, funso langa lija loti ndakatuloyi ikulankhula ndi ndani, ndipo yankho lake silofunika kwa ife, n'lofunika m'ndakatulomo.

Alamu anga anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ngati inenso, sabata yatha, ndinamva kuti akundinena za mbuzi zanga ziwiri. Ndikanatha kunama, pachilamu timanamizana tsiku ndi tsiku. Koma ndinati inde, pa mzere umenewo ndinachita manyazi ndipo ndinapsa mtima pang'ono. Ndinatinso nditafika pa chingwe chomangidwa kawiri ndinaiwala mbuzi, ndinamva mawu a mkulu wanga monga ankamvekera madzulo kuseri kwa nyumba. Ndinadikira poyamba uja. Sanabwere. Anangogwedeza mutu, nalemba kanthu pang'ono, napinda pepala. Mu minibasi tsiku limenelo kondakitala anapuma.

Sanabwerenso kugulu, ndipo sanandionetse chomwe akulemba. Ndinawafunsa kangapo, iwo n'kumangondifunsa za mtengo wa zipi.

Tsiku lovumbula chiliza kunatentha kuyambira m'mawa. Ana anabwera kuchokera ku Blantyre ndi matenti ndi madzi a m'mabotolo, mbumba yathu inakhala mbali imodzi, Jeremiya patsogolo ndi jekete lake la maliro onse. Abusa atapemphera nsalu inachotsedwa, kwaya inaimba, kenako Alick anaitana bambo ake. Anthu anayamba kukonza pokhala, ena kufunafuna mthunzi wa nimu, podziwa kuti akaimirira a Paison dzuwa limasuntha iwo asanasunthe. Anatulutsa kapepala kamodzi. Sanayang'ane kumatenti, anatipatsa msana tonse n'kuyang'ana chiliza.

Amake Alick, ndine.
Lero sinditalikitsa.
Munkati, abambo a Alick, khola.
Ndinkayankha, masiku onse ndinkayankha.
Tsopano dzuwa likapendeka ndimatseka khola.
Mulibe mbuzi, zonse zinapita,
koma ndimamanga chingwe kawiri
monga munkanenera,
n'kuima pang'ono pachitseko,
mwina munenanso.

Inathera pomwepo. Duwa panalibe, nangula anali atabwerera kunyanja. Mzere uja womwe a Humphrey anapunthwapo anausiya momwe unalili, akudziwa bwino lomwe kuti pali chitsa. Mwana wawo wamkazi analira mokweza, amayi a kudimba omwe ankamudziwa Veronika anaphimba nkhope ndi zitenje, ndipo ine ndinalira mpaka mphuno, ine amene ndinalumbira kuti bamboyu sadzandiliza ndi china koma kutopa.

Koma a Humphrey sananame. Pa chakudya, Jeremiya analankhula mokweza kuti amve ndi akutali omwe. Anati ngati mlamu ali ndi mlandu wa mbuzi, bwalo lilipo, osati kukasuma kwa malemu anthu ali gwa kumvetsera, ndipo mbumba yathu sinabe kanthu, inatsata mwambo. Anthu anasiya kutafuna. Mlandu unali wosavuta, a Paison akanaupambana ndi theka la pakamwa, ndipo ine ndemwe ndinali wokonzeka kuwachitira umboni. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kuyenda ngati tsiku lija m'kalasi. Kenako anati, "Ndamva, alamu. Takhuta." Anapitiriza kudya.

M'mawa mwake Jeremiya anabwera akukoka mbuzi yathadzi pachingwe, mbuzi ikukana, iye akutukwana. Anaimangirira pakhomo pa a Paison n'kunena kuti atenge, kuti mbumba yathu isadzaimbidwenso pamanda. M'mudzi monse munamveka kuti ndakatulo ya mkamwini yagwira ntchito, yabweza mbuzi. Ena anafunsa ngati gulu lathu limathandizanso pa nkhani za ng'ombe.

Madzulo ake ndinangoona a Paison akulowa pakhomo panga ndi mbuzi ija. Anandipempha kuti izigona m'khola langa pamodzi ndi zinzake. Ndinawafunsa ngati dzuwa lawalowa m'mutu, munthu ali ndi khola lolimba lopanda kanthu n'kumakasungitsa mbuzi kwa eni. Ndinawauzanso kuti akapanda kumufotokozera Jeremiya chomwe amatanthauza, adzafa akudziwika ngati mkamwini wolira mbuzi. Anati Jeremiya anamva chomwe makutu ake anamva, ndipo si Jeremiyayo amene iwo ankalankhula naye pamanda paja.

Za khola anangoti, "Khola lokhala ndi mbuzi aliyense amatseka, alamu."

Anandisiyira chingwe m'manja n'kubwerera msangamsanga, chifukwa dzuwa linali litapendeka kale. Mbuziyo ili kwanga mpaka lero, yaswa kawiri, ndipo imadya ngati inabwera ndi katundu wake. Ndikamachokera kumsika nthawi imeneyo ndimadutsa njira ya kuseri kwa nyumba yawo. Ndimawapeza ataima pachitseko cha khola, chingwe atamanga kale, ndipo sindiwapatsa moni mpaka atembenuke okha.